Lipoti la nkhani: kamfuno wa mayi wa zaka 56 amene kunyumba ankati waleka

Mayi amene ndikulemba nkhani yake anafika pachipatala chathu chaching'ono, kum'mawa kwa mzinda wa Zomba cha kunjira ya ku Jali, itangodutsa 6 koloko m'mawa, sabata yachiwiri ya Okutobala. Anabwera pa njinga yamoto ya kabaza, mwana wawo wamkazi atakhala kumbuyo n'kuwagwirira. Dandaulo limene anandiuza pakhomo silinali la mphuno ayi. Mwanayo anati, "Adokotala, amayi akusanza magazi." Za kamfuno anazitchula pambuyo pake ndithu, ngati chinthu chimene chinatha kale, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kulembedwa.

Mbiri ya matenda

Mayiwa ali ndi zaka 56, amalima ndi kugulitsa matemba a ku Chilwa pa masiku a msika. Anadzidzimuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha akumva chinyontho pamilomo, ndipo atayatsa tochi anapeza magazi akutsika m'bowo lakumanzere la mphuno. Sanagwe, sanamenyedwe, analibe chimfine kapena kutentha thupi. Mwana wawo anachita zimene pafupifupi tonsefe tinaphunzira tili ana: anawagoneka chagada pamphasa, anawaika chitenje chopinda pansi pa mapewa kuti mutu upendekere kumbuyo, anawathira madzi ozizira pamutu, kenako anakulunga tishu n'kuwalowetsa m'mphuno. Anganga ena oyandikana nawo atabwera anawagwira mphuno pamwamba, pakati pa maso pamene pali fupa.

Magazi analeka kuoneka kunja. Aliyense anapuma, mwana uja mpaka anakasonkha moto. Mayiwo amati ankangomva ngati malovu amchere akuchuluka kukhosi, iwo n'kumameza. Patatha ola limodzi ndi theka anayamba nseru, kenako anasanza zinthu zakuda zosakanikirana ndi magazi oundana, zokwana pafupifupi kapu ya tiyi. Apa m'pamene anaitana wa kabaza.

Buku lawo la kuchipatala linasonyeza kuti anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi zaka zitatu zapitazo, koma tsamba lomaliza limene analandira mankhwala a bipi linali la mu Juni. Nditafunsa za mankhwala ena anayamba akana. Ndinafunsanso mwa njira ina, kuti mawondo akamawawa amamwa chiyani, ndipo anamasula pangodya ya chitenje n'kutulutsa timapepala tiwiri: asipirini wa pagolosale ndi makapisozi a indosidi. Amati akhala akumwa zonse ziwiri tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu, chiyambireni kugalauza munda. Anthu ambiri saona mapiritsi a pagolosale ngati "mankhwala", choncho funso loti "mukumwa mankhwala aliwonse?" kawirikawiri limabweretsa yankho lolakwika. Nkhama sizinkatuluka magazi, analibe mabala obiriwira pakhungu, anasiya kusamba zaka zingapo zapitazo, ndipo kumtundu kwawo kulibe amene amavutika kuleka magazi akavulala. Fodya wa mphuno sakoka.

Zimene ndinapeza

Anali maso, akuyankha bwino, koma mantha ali thoo. Bipi inali 178/104, mtima ukugunda ka 104 pa mphindi. Zikhatho ndi m'zikope zinali zisanayere kwenikweni, manja anali ofunda. Kamakina kathu koyezera kuchuluka kwa magazi kanaonetsa 10.8, kusonyeza kuti anali otsikirapo, ndipo malungo sanapezeke. Pamimba sipankawawa ndikakanikiza.

Kenako ndinawauza kuti ayasame, ndinatsitsa lilime ndi kamtengo n'kuunika kukhosi. Kakamzere ka magazi ofiira kankatsika pang'onopang'ono kumbuyo kwa mmero. Kamfuno uja anali asanaleke n'kamodzi komwe. Tishu inatseka khomo lakutsogolo, kugona chagada kunatsegula njira yakumbuyo, ndiye kwa maola awiri magaziwo ankapita m'mimba. Mimba siigwirizana ndi magazi, ikadzadza imawabweza. Komabe sindinangotseka nkhani pamenepo, chifukwa munthu amene wamwa asipirini ndi indosidi kwa milungu itatu akhozanso kukhala ndi zilonda za m'mimba zotuluka magazi. Ndinasunga ganizo limeneli pambali kuti ndione ngati kusanza kupitirire mphuno ikaleka.

Kakhalidwe ndi kutsina

Ndinawakhazika pabenchi, msana chilili, thupi ndi mutu zitaweramira kutsogolo pang'ono, beseni lili pamiyendo. Ndinawauza kuti chilichonse chofika m'kamwa alavule, asameze. Kukhala tsonga kumachepetsa kukankha kwa magazi m'mitsempha ya m'mutu, ndipo kuwerama kumachititsa kuti magazi atulukire kumene tingawaone ndi kuwayerekeza. Kumatetezanso kuti asalowere kunjira ya mpweya, zimene zimaopsa kwambiri kwa mwana wamng'ono, nkhalamba, kapena munthu woledzera.

Nditachotsa tishu, inatuluka ndi chingwe chachitali cha magazi oundana, ndipo magazi anayambanso kudontha mofulumira. Mwana wawo anandiyang'ana ngati ndaononga zimene iye anakonza. Ndinauza mayiwo kuti amine kamodzi mofatsa kuti zoundana zotsala zituluke, chifukwa zimatchinga kuti makoma a mphuno asagundane bwino tikamatsina.

Malo otsina ndi amene anthu ambiri amaphonya. Mphuno ili ndi fupa kumtunda, ndipo kumunsi kwake n'kofewa. Pakati pali khoma logawa mabowo awiri, ndipo kutsogolo kwa khoma limeneli, pamene chala chimafika munthu akamatokosa m'mphuno, timitsempha tambiri ting'onoting'ono timakumana pansi pa kakhungu kopyapyala kwambiri. Pa anthu 10 odwala kamfuno, pafupifupi 9 magazi amachokera pamenepa. Ukagwira pafupa, monga anachitira anganga aja, palibe chimene wapana, fupa silifinyika. Chofunika n'kugwira gawo lonse lofewa, kuyambira pamene fupa lathera kutsika mmunsi, ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kufinya kuti mabowo onse awiri atsekeke ndi kukanikiza khoma lapakati lija. Munthu azipumira pakamwa. Ngati akuthabe kukoka mpweya m'mphuno, ndiye kuti sanatsine.

Ndinaika zala za mayiwo pamalo oyenera, ndinawauza kuti atsamiritse zigongono pamawondo kuti mkono usatope, n'kulozera mwana wawo wotchi ya pakhoma kuti awerenge mphindi 15 osasiya. Apa ndinalakwitsa ineyo. Kunafika mwana wina akukomoka ndi malungo, ndinathamangira kumeneko ndisanafotokoze chifukwa chake sayenera kusiya. Pobwerera patatha mphindi ngati 10 ndinapeza mayi akutsegula zala n'kusuzumira m'beseni. Mwana wawo anati, "Timangoona ngati zaleka, adokotala." Anali atasuzumira kanayi. Magazi amafuna mphindi zingapo ali phee kuti aundane n'kumata pabala, ndipo ukamasula msanga kachivindikiro kanthete kaja kamakokoloka, ntchito n'kuyambiranso pachiyambi. Ndinawauza kuti zili ngati kuvundukula mphika wa mpunga mphindi iliyonse, ndipo anaseka koyamba chifikireni.

Tinayambiranso, ulendo uno ine nditakhala pomwepo. Mphindi 15 ndi zazitali kwambiri kwa munthu wogwira mphuno, pofika mphindi yachisanu aliyense amalumbira kuti nthawi yakwana. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti ayang'ane wotchi kapena foni, asaganizire. Kansalu konyowa kozizira pamphumi kapena pamphuno sindikaletsa, kamatonthoza munthu, koma si kamene kamaletsa magazi, ndipo asasiye kutsina kuti akatunge madzi.

Atamasula, kudontha kunali kutaleka, koma nditaunika ndi tochi ndinaona kadontho kofiira pakhoma lapakati, mbali ya kumanzere, pafupi ndithu ndi khomo, kakutulutsabe pang'onopang'ono ngati thukuta. Kakhungu kozungulira kanali kouma ndi kosweka. Mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa kumatentha ndipo fumbi la mumsewu limakhala paliponse, m'mphuno mumauma ngati dambo lachilimwe. Ndinatenga botolo limodzi la thiranekisamiki asidi la mamiligalamu 500, amene timasunga kuchipinda cha amayi oyembekezera chifukwa cha otaya magazi pobereka, ndinanyowetsa kansalu ka gozi, n'kukaika pabalapo ndi kutsinanso mphindi 10. Mankhwalawa amateteza kuti magazi amene aundana asasungunuke msanga. Adirenalini amathandizanso potsekereza timitsempha, koma ndi bipi ya 178/104 ndi mtima wothamanga ndinasankha kumupewa popeza njira ina inalipo.

Magazi analeka. Ndinayang'ananso kukhosi, kunali kouma. Kuyang'ana kukhosi sindikudumpha, chifukwa mphuno youma kutsogolo inali itanamiza kale banjali usiku womwewo.

Za bipi

Mwana wawo ankalimbikira kuti bipi ndiye yaphulitsa mtsempha, ndipo amafuna jakisoni woitsitsa nthawi yomweyo. Anthu ena amakhulupiriranso kuti kamfuno ndi njira imene thupi limachepetsera magazi akachuluka, choncho ndi bwino kuwasiya atuluke. Zonsezi sindigwirizana nazo. Munthu amene akuona magazi ake m'beseni bipi imakwera ndi mantha okha, ndipo kuigwetsa mwadzidzidzi mwa munthu amene wataya kale magazi kungamugwetse pansi. Chimene ndimaona n'chakuti bipi yokwera imachititsa kamfuno kuvuta kuleka, koma chimene chimang'amba kakhungu kaja nthawi zambiri ndi kuuma, kutokosa, chimfine kapena kumina mwamphamvu. Titawapumitsa ali chikhalire kwa ola limodzi, popanda mankhwala aliwonse, bipi inatsika kufika 158/96 ndipo mtima unabwerera pa 88. Imeneyo ndiyo bipi yawo yeniyeni, yokwerabe, ndipo ndinawayambitsanso amulodipini wa mamiligalamu 5 kamodzi patsiku.

Tinawasunga mpaka masana. Sanasanzenso, anamwa phala lozizira, anaimirira popanda chizungulire. Ndinawalanda asipirini ndi indosidi uja n'kuwapatsa panado wa mawondo. Ndinawachenjeza kuti chimbudzi chikhoza kuda kwa tsiku limodzi kapena awiri chifukwa cha magazi omezedwa, koma chikapitirira kuda, kapena akasanzanso magazi mphuno ili youma, abwere msanga chifukwa pamenepo tidzaganiza za m'mimba. Malangizo ena anali akuti asamine kapena kutokosa m'mphuno, akamayetsemula atsegule pakamwa, tsiku loyamba apewe tiyi wotentha ndi kuweramira pamoto, asiye khasu ndi kusenza ndowa kwa masiku angapo, ndipo azipaka vaselini pang'ono m'kati mwa khomo la mphuno m'mawa ndi madzulo.

Kubweranso pa tsiku lachitatu

Ndinawauza kuti zikhoza kuyambiranso, ndipo zinaterodi. Asipirini amafooketsa tizigawo ta magazi totchedwa mapulatileti, timene timayamba kumata pabala, ndipo kagawo kamene kafooketsedwa sikabwereranso mwakale. Thupi limayenera kupanga tatsopano, zimene zimatenga sabata kapena masiku 10. Choncho munthu akasiya asipirini lero, mawa magazi ake amakhala akadali aulesi kuundana.

Pa tsiku lachitatu madzulo mayiwo anamva nkhanambo ikuyabwa m'mphuno, anaikanda ndi chikhadabo, magazi n'kuyamba. Ulendo uno mwana wawo anachita bwino zedi. Anawakhazika pampando atawerama, anatsina pofewa, anatchera nthawi pafoni mphindi 15. Atamasula magazi ankatulukabe, anabwerezanso mphindi 15. Zitakanikanso, sanayese kachitatu, anaitana kabaza, ndipo mayi anafika akutsinabe mphuno, chitenje chili pachibwano. Ndi zimene ndinawauza: maulendo awiri a kutsina koyenera, theka la ola lonse pamodzi, zikakanika nyamukani. Kwa anthu okhala kutali, kumene mayendedwe amasowa usiku, ndimati ayambe kufunafuna njinga ulendo woyamba ukangokanika, uku akupitiriza kutsina.

Bipi inali 150/92, mtima 110, ndipo anati akaimirira m'maso mumachita mdima. Magazi anali atatsika kufika 9.2. Kamfuno ankachokera pamalo omwe aja, koma mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo gozi wa mankhwala sanathandize. Ndinaika diripi, ndinachititsa dzanzi m'mphuno ndi liginokeni, n'kulonga gozi wautali wopaka vaselini m'bowo lakumanzere. Polonga, gozi amalowa chogona motsatira pansi pa mphuno kulunjika kumbuyo, osati kuloza kumwamba kumaso, ndipo amasanjikizidwa mzere pamwamba pa mzere mpaka bowo litadzaza, nsonga zake zili kunja zomatidwa ndi pulasitala patsaya kuti asatsetserekere kukhosi. Izi n'zosiyana ndi kulowetsa tishu kunyumba. Tishu imangotseka khomo popanda kukanikiza bala, imanyenyeka n'kutsalira m'kati, ndipo pochotsa imazula chimene chinaundana.

Magazi analeka, kukhosi kunali kouma, koma ndinawatumizabe kuchipatala chachikulu cha Zomba usiku womwewo. Zifukwa zinali zomveka: kutuluka magazi kawiri m'masiku atatu, magazi otsika kuchoka pa 10.8 kufika 9.2, mtima wothamanga ndi chizungulire, komanso gozi m'mphuno mwa munthu wa msinkhu wawo amene akufunika kuyang'aniridwa. Pano sitingawerenge mapulatileti, sitingaike munthu magazi, ndipo gozi akanalephera pakati pa usiku ndikanatsala ndi njira imodzi yokha.

Njira imeneyo ndi ya kamfuno wochokera kumbuyo kwenikweni kwa mphuno, amene ndinkamuopa mwa mayiwa ngakhale sizinakhale choncho. Ameneyu amakonda anthu achikulire, mitsempha yake ndi yokulirapo, ndipo zala sizifikako. Umamuzindikira poona kuti watsina bwinobwino, kapena walonga gozi, koma magazi akutsikabe kukhosi, nthawi zina akutuluka mabowo onse awiri, ndipo ukaunika kutsogolo suona bala. Pamenepo timalowetsa kapaipi ka mkodzo m'mphuno mpaka nsonga itaonekera kukhosi, kufufumitsa kabaluni kake n'kukokera kutsogolo kuti katseke kumbuyo, kenako n'kuthamangitsa wodwala. Ovuta kwambiri amakafika ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero.

Ndani asadikire theka la ola

Lamulo la maulendo awiri lija ndi la munthu amene ali bwinobwino kupatula mphuno. Mnyamata wa sitandade 4 amene watuluka kamfuno akusewera mpira padzuwa, n'kuleka atatsinidwa mphindi 10, abwerere m'kalasi, makolo angomuwenga zikhadabo ndi kumupaka vaselini. Koma pali ena amene ndimafuna anyamuke nthawi yomweyo, akutsina ali m'njira. Woyamba ndi amene magazi akuchita kuthira osati kudontha, kapena wayamba chizungulire, thukuta lozizira, kuyera m'manja kapena kubanika. Wina ndi amene kamfuno wabwera atagwa panjinga kapena kumenyedwa m'mutu, makamaka ngati akusinza, akusanza, kapena m'mphuno mukutulukanso madzi oyera, chifukwa pamenepo nkhawa ndi chigaza, ndipo munthu wotere asalowetsedwe kanthu kalikonse m'mphuno. Omwa mankhwala osungunula magazi monga wafarini nawonso asazengereze.

Gulu limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la amene magazi otuluka m'mphuno ndi ochepa koma akubwera ndi zizindikiro zina: nkhama zotuluka magazi, timadontho tofiira pakhungu, mabala obiriwira osadziwika chiyambi, kutentha thupi, maso achikasu. Pamenepo vuto silili m'mphuno koma m'magazi kapena m'chiwindi, ndipo malungo aakulu, kachilombo koyambitsa Edzi ndi khansa ya m'magazi zonse zimatha kutsitsa mapulatileti. Mwana wosakwana zaka 2 sayenera kutuluka kamfuno wamba, aonedwe. Mwana amene bowo limodzi likutuluka mamina onunkha osakanikirana ndi magazi kawirikawiri amakhala atalowetsa njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda. Ndipo wamkulu amene mbali imodzi yokha imatuluka magazi mobwerezabwereza, mbali yomweyo n'kumatsekeka, afunika kuunikidwa bwino m'kati ngakhale magaziwo atakhala oleka okha.

Zotsatira

Mayiwo anabwera ndi buku lawo patatha milungu iwiri. Malinga ndi zimene analemba anzathu kuchipatala chachikulu, mapulatileti anali okwanira bwino, sanafunike kuikidwa magazi, gozi anachotsedwa patatha masiku awiri, ndipo kamtsempha kaja anakaotcha ndi kamtengo ka mankhwala a siliva, mbali ya kumanzere yokha. Mbali zonse ziwiri za khoma saziotcha tsiku limodzi, kuopa kuboola. Anapatsidwa mapiritsi oonjezera magazi, amene nawonso amadetsa chimbudzi, choncho ndinawafunsa mosamala za kupweteka kwa pamtima ndi kusanza. Analibe zonsezo.

Tsikulo bipi inali 142/88 ndipo magazi anali atakwera kufika 10.1. M'mphuno munali kachipsera koyera kopanda nkhanambo. Mawondo akuwawabe, ndipo anandiuza mosabisa kuti panado sakufika pamene indosidi ankafika. Tagwirizana kuti apitirize panado, mzukulu wawo awathandize kumaliza mizere mvula isanagwe, ndipo abwerenso pakatha mwezi kuti tiyeze bipi, tiyezenso magazi, ndi kuona mawondowo bwinobwino.